Kalata imene adokotala analembera achimwene anga oyamba mankhwala a TB

NaPhiri: Moni nonse pagulu. Achimwene anga apezeka ndi TB sabata yathayi. Adokotala amene anawaona anawapatsa mankhwala pamodzi ndi kalata, akuti chifukwa anaona kuti m'chipinda muja achimwene ankangovomera "inde, inde" koma maganizo ali kwina. Andilola kuti ndiike pano, mayina ndachotsa. Funso langa lili kumunsi.

*Okondedwa bambo,*

*Lero ndalankhula zambiri pa nthawi imene munali otopa ndiponso odzidzimuka, ndiye ndaona kuti ndikulembereni kuti muziwerenga mtima uli m'malo.*

*Makhololo anu aonetsa kuti muli ndi TB ya m'mapapo. Makina aonetsanso kuti tizilombo take tikumva mankhwala otchedwa rifampisini. Imeneyi ndi nkhani yabwino, chifukwa TB yotere imachizika m'miyezi isanu ndi umodzi.*

*Miyezi iwiri yoyambirira muzimwa mankhwala anayi amene anawaphatikiza m'piritsi limodzi: rifampisini, isoniyazidi, pirazinamayidi ndi etambutolo. Pabokosi pake mupeza zilembo RHZE. Popeza mukulemera makilogalamu 52, muzimwa mapiritsi atatu nthawi imodzi tsiku lililonse, m'mawa musanadye. Miyezi inayi yotsatira mudzatsala ndi mankhwala awiri okha, rifampisini ndi isoniyazidi, olembedwa RH.*

*Chimene ndikufuna muchimvetse ndi ichi. Pakatha masabata awiri kapena atatu, mwina anayi, mudzayamba kupeza bwino. Kutentha thupi kudzachepa, thukuta la usiku lidzasiya, njala idzabwerera. Pofika mwezi wachitatu mudzadziona ngati munthu amene sanadwalepo. Nthawi imeneyo ndi imene ndimaiopa kuposa lero, chifukwa ndi pamene anthu amaika mapiritsi pambali.*

*Tizilombo ta TB m'mapapo mwanu sitili m'gulu limodzi. Tambiri tikuswana mwachangu, ndipo ndi timene tikukutsokomoletsani ndi kukuondetsani. Timeneti timafa msanga, m'masiku ndi masabata oyambirira. Koma tilipo tina timene tabisala m'zilonda za m'mapapo ndi m'kati mwa maselo a thupi lanu, tili ngati tagona. Mankhwala amapha bwino kachilombo kamene kakudya ndi kuswana, kogona kamawazemba. Kamadzuka mwa apo ndi apo, kwa kanthawi kochepa, ndipo kakadzuka kayenera kupeza rifampisini ali m'magazi. Sitidziwa tsiku limene kadzuke. N'chifukwa chake mumwa tsiku lililonse mpaka mwezi wachisanu ndi chimodzi utatha. Zili ngati moto umene malawi azima koma makala ali pansi pa phulusa.*

*Mukasiyira panjira, otsalawo amayambanso kuswana, ndipo pakapita miyezi TB imabwerera m'mapapo amene avulala kale. Mukamamwa modumphadumpha, mukhoza kubwera ndi TB yosamva mankhwala, imene mungapatsirenso a m'nyumba mwanu.*

*Mkodzo wanu, thukuta ngakhale misozi zidzaoneka zofiirira ngati lalanje. Musadabwe, ndi rifampisini. Koma maso akasanduka achikasu, mukamasanza osasiya, mukatuluka zidzolo thupi lonse, kapena mukayamba kuona mwachimbuuzi, musamwe tsiku limenelo, bwerani kuno tsiku lomwelo. Mowa musiyiretu, chifukwa chiwindi chanu chili kale pa ntchito yaikulu.*

*Tidzayezanso makhololo kumapeto kwa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. Mukadumphitsa masiku, mundiuze chilungamo. Sindidzakukalipirani, koma ndiyenera kudziwa kuti ndi masiku angati. Tsiku losiya mankhwala ndidzakuuzani ndine.*

*Ndine dokotala wanu.*

Funso langa ndi ili. Achimwenewo akuti akamva bwino ndipo makhololo a mwezi wachiwiri akatuluka opanda kachilombo, ndiye kuti achira, zotsalazo ndi malamulo chabe a kuchipatala. Ine ndalephera kuwayankha. Ngati makina sakupeza kachilombo, tikupheranji chinthu chimene palibe?

Bambo a Chisomo: Auzeni achimwene anuwo asayerekeze. Ukangosiya mankhwala a TB ngakhale tsiku limodzi, basi yasanduka MDR, TB yosamva mankhwala ija, ndiye jakisoni tsiku lililonse zaka ziwiri. Ndinaona ndi maso anga mnzanga wa kuntchito anagontha makutu ndi majakisoni amenewo.

Sisitala Nabanda: Ndine namwino, odwala TB ndakhala nawo nthawi yaitali. Ndiyambe ndi funso la a NaPhiri, a Bambo a Chisomo ndikubwererani.

Poyeza makhololo a mwezi wachiwiri timagwiritsa ntchito maikulosikopu. Diso la woyeza limaona tizilombo pokhapokha tikakhala tochuluka, pafupifupi 5,000 kapena 10,000 m'mililita imodzi ya makhololo. Tikachepera pamenepo, pepala limalembedwa kuti sanapeze. "Sanapeze" sikuti "mulibe". Komanso makhololo amatulutsa tizilombo timene tili m'njira za mpweya basi. Togona tija tili m'kati mwa chilonda, kutsokomola sikutifikira. Ndiye zotsatira za mwezi wachiwiri zimatiuza kuti mankhwala akugwira, sizitiuza kuti ntchito yatha. Palibe kuyeza kumene tili nako kumene kungaloze munthu mmodzi n'kunena kuti uyu kachilombo komaliza kafa lero.

Miyezi isanu ndi umodziyo sanangoilota. Kale mankhwala a TB ankamwedwa miyezi 18 mpaka 24. Rifampisini ndi pirazinamayidi atalowa, kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1970, wina wochitikira kum'mawa kwa Africa, ndi amene anatsitsa nthawiyo kufika pa miyezi isanu ndi umodzi. Ankayesa nthawi zosiyanasiyana, kenako n'kuwatsatira anthuwo atamaliza kuti aone angati idzawabwerera. Nthawi ikafupika kuposa pamenepo, obwereredwa ankachuluka. Ngakhale mu 2014 zinatuluka zotsatira za kafukufuku atatu amene anayesa miyezi inayi poikamo mankhwala ena amphamvu. Anthu ankapeza bwino, makhololo ankayera msanga, koma pambuyo pake TB inabwerera mwa anthu ambiri kuposa amene anamwa miyezi isanu ndi umodzi. Izi ndi zimene achimwene anu akuganiza zenizenizo, ndipo zinayesedwa kale.

NaPhiri: Zikomo sisitala. Zoti makhololo sachokera m'kati mwa chilondamo ndimazisowa. Ndiwawerengera madzulo.

Mphatso_K: Koma inetu ndinamwa miyezi itatu yokha, kamodzi pa sabata, ndipo akuchipatala ndi amene anandiuza kuti ndamaliza. Mpaka lero ndili bwinobwino. Mwina madokotala ena amangokonda kutalikitsa.

Sisitala Nabanda: A Mphatso, munkatsokomola?

Mphatso_K: Ayi. Amene ankadwala ndi amuna anga, ine anangondiyeza n'kundipatsa.

Sisitala Nabanda: Ndiye inu munalibe matenda a TB, munapatsidwa mankhwala oteteza chifukwa munkagona nyumba imodzi ndi wodwala. Amenewo ndi isoniyazidi ndi rifapentini, kamodzi pa sabata kwa masabata 12. Munthu wongopuma kachilombo amakhala ndi tizilombo tochepa kwambiri, thupi likutigwira. Achimwene a NaPhiri ali ndi tizilombo tankhaninkhani m'mapapo. Munachita bwino kumaliza, koma nkhani zake ndi ziwiri. Mwatikumbutsanso chinthu: a NaPhiri, onse a m'nyumba ya achimwene akayezetse, makamaka ana osakwana zaka zisanu.

Mphatso_K: Ohoo, ine ndimangoti TB ndi TB.

Che Jafali: Ine ndilankhule ngati munthu amene anasiyira panjira, kuti achimwene anuwo amve kwa mnzawo. Ndinamwa bwinobwino mpaka makhololo a mwezi wachiwiri anayera. Mwezi wachitatu ndinapeza ntchito kutali, ndinanyamuka ndi mapiritsi amene ndinali nawo, atatha sindinafunefune chipatala. Thupi linali litabwerera, buluku limene linkagwa linayamba kuthina, ndinkanyamula katundu ngati kale. Panapita miyezi ndili bwino, ndikumaseka amene amati ibwerera.

Inabwerera mwakachetechete. Choyamba chinali kutopa madzulo, ndinkati ndi ntchito. Kenako pilo kunyowa usiku. Tsiku lina m'mawa ndikutsuka m'kamwa ndinalavula ndipo munali timizere ta magazi. Kuchipatala anayeza pamakina aja n'kupeza kuti rifampisini akugwirabe, ndiye anandiyambitsanso kuyambira tsiku loyamba, miyezi isanu ndi umodzi yathunthu, itatu ija inapita pachabe. Ndinachira, koma mpaka pano ndikakwera masitepe ndimapuma ngati nkhalamba. Adokotala anandionetsa chithunzi cha m'chifuwa, pamwamba pa phapo lakumanja pali chipsera chimene ulendo woyamba panalibe.

Bambo a Chisomo: Ndiye inu a Jafali munasiya miyezi yonseyo osapeza MDR? Ndiye zimene amatiopseza nazozi n'zabodza?

Sisitala Nabanda: Sizabodza, koma mmene munanenera poyamba paja si mmene zimayendera. Kuiwala tsiku limodzi sikusandutsa TB kukhala MDR. Ukakumbuka tsiku lomwelo umamwa, ukakumbuka mawa umangopitiriza, osamwa kawiri.

Kusamva mankhwala kumabwera motere. Pa tizilombo tochuluka, timapezeka tingapo timene tinabadwa kale tosamva mankhwala amodzi, mwangozi chabe. Pa isoniyazidi ndi pafupifupi kamodzi pa miliyoni imodzi, pa rifampisini kamodzi pa mamiliyoni 100. Bowo limodzi la TB m'phapo likhoza kusunga tizilombo mamiliyoni 100 kapena kuposa. Ndiye werengani: mwa munthu woteroyo muli kale tizilombo ngati 100 tosamva isoniyazidi asanamwe piritsi ngakhale limodzi. Akamwa isoniyazidi yekha, tonse tifa kupatula 100 timeneto, ndipo timeneto ndi timene tidzadzaze phapo. Koma akamwa anayi pamodzi, kosamva isoniyazidi kamaphedwa ndi rifampisini, kosamva rifampisini kamaphedwa ndi enawo. Zinaoneka kalekale m'ma 1940, pamene mankhwala oyamba a TB, sitireputomayisini, ankaperekedwa okha: anthu ankapeza bwino kenako mankhwalawo n'kusiya kugwira.

Ndiye choopsa kwambiri pa nkhani ya MDR ndi kumwa kosalongosoka: sabata ino wamwa, yamawa ayi, kapena kumwa piritsi limodzi m'malo mwa atatu kuti akhalitse, kapena kugawana ndi wina. Pamenepo mankhwala amakhala m'magazi mochepa, ena atha kale ena atsalira okha, ndipo tolimba timapeza mpata. Amene wasiya zonse kamodzi, ngati a Jafali, kawirikawiri chimamupeza ndi kubwerera kwa matenda. Koma "kawirikawiri" si lonjezo. A Jafali anali ndi mwayi, ena amabwera makina akuonetsa kuti rifampisini sakugwiranso.

Za jakisoni: mnzanuyo zinamuchitikiradi, mankhwala obaya aja ankagonthetsa. Masiku ano bungwe la WHO limalimbikitsa mankhwala akumwa, ndipo kuyambira 2022 pali njira ya miyezi isanu ndi umodzi ya TB yosamva mankhwala, yokhala ndi bedakwilini ndi ena. Koma si aliyense amayenera njira imeneyo, ena amamwabe miyezi 9, ena 18 kapena kuposa, ndipo mankhwala ake ali ndi zovuta zawo pa mitsempha, magazi ndi mtima. Si kofuna kupitako.

Bambo a Chisomo: Chabwino ndamva. Koma ine ndikuonabe kuti kuopseza kumathandiza. Mukamuuza munthu kuti tsiku limodzi silipha, mawa adumpha awiri.

Che Jafali: Ine kuopsezako ndi kumene kunandichedwetsa kubwerera. Mapiritsi atatha ndinadziwa kuti ndalakwa, koma ndinkaganiza kuti zaonongeka kale ndipo akandilalatira pagulu. Mzere umene ndaukonda m'kalatamo ndi woti "sindidzakukalipirani, koma ndiyenera kudziwa kuti ndi masiku angati". Wina akanandiuza zimenezo ndikanapita sabata yoyamba yomweyo.

Bambo a Chisomo: Anthu timasiyana. Ine ndi mantha amene amandimwetsa mankhwala.

Tadala: Pepani ndilowerere ndi langa. Amayi anga ali mwezi wachinayi, anadumphitsa masiku naini chifukwa cha ulendo wadzidzidzi. Panopa akuopa kupita. Ayambirenso pachiyambi?

Sisitala Nabanda: Apite mawa, atenge khadi lawo ndi mapaketi onse, otha ndi osatha omwe, kuti awerenge nawo. Chigamulo ndi cha amene akuwaona, chifukwa malamulo amasiyanako dziko ndi dziko, komanso zimatengera zinthu zitatu: wadumpha masiku angati, pa gawo liti, ndipo makhololo akuti chiyani panopa. Masiku naini m'mwezi wachinayi, kwa munthu amene ankamwa bwino ndipo makhololo ake anayera, nthawi zambiri amapitiriza ndipo masiku odumphawo amawonjezeredwa kumapeto. Kudumpha kwa nthawi yaitali m'miyezi iwiri yoyamba n'kolemera kuposa apo, chifukwa tizilombo timakhala tikadali tambiri, ndipo pamenepo ndi pamene munthu amatha kuyambitsidwanso. Akafika miyezi iwiri yotsatizana osamwa amalembedwa kuti anasowa, ndipo akabwera timayezanso makhololo ndi kuona ngati mankhwala akugwirabe tisanayambe chilichonse. Tsiku lililonse limene amayi akukhala kunyumba chifukwa cha mantha likuwonjezera pa naini paja.

Tadala: Zikomo, ndiwaperekeza ndekha.

Mayi Nasibeko: Ine kalatayi ndaiwerenga kawiri, ndi yabwino koma adokotalawa sanamwepo mankhwalawa. Anena za maso achikasu ndi zidzolo, koma chimene chimagwetsa anthu ulesi ndi tizinthu ta tsiku ndi tsiku. Mapiritsi a miyezi yoyamba aja ndi akuluakulu, ukameza m'mimba mulibe kanthu nseru imakugwira mpaka masana. Ine mawondo ndi akakolo zinkaphwanya ngati ndamenyedwa, kumapazi kunkayaka usiku moti chofunda sindinkafuna chindikhudze. Palibe anandiuza kuti zimenezi zili ndi thandizo, ndinangopirira.

Sisitala Nabanda: Apa mwanena zoona mayi, ndipo kalatayo ikanawonjezera. Kuphwanya kwa mfundo kumabwera ndi pirazinamayidi, amene amathera mwezi wachiwiri, ndipo mankhwala ochepetsa ululu alipo. Kuyaka kapena dzanzi la kumapazi ndi isoniyazidi, timapereka vitamini B6 ndipo ndi bwino kunena msanga zisanakhazikike. Nseru ikavuta, timalola kumwa ndi kachakudya kochepa kopanda mafuta ambiri, kapena kusamutsira nthawi yogona. Kumwa ndi kachakudya kuli bwino kuposa kusamwa. Koma nseru yosanza, yophatikiza kusafuna kudya, kupweteka kumtunda kwa mimba chakumanja ndi maso achikasu, imeneyo ndi chiwindi, si yopirira.

China chimene sichili m'kalatamo, mwina adzanena akadzabwera: sikelo. Achimwenewa ali pa 52. Akanenepa kufika 55, pa tchati chimene ambiri timagwiritsa ntchito mapiritsi amakwera kuchoka pa atatu kufika anayi. Anthu ena akaona mapiritsi awonjezeka amaganiza kuti matenda akula, n'kumamwabe atatu mwakachetechete. Ndi chizindikiro choti akuchira, ndipo thupi lalikulu likufuna mlingo wake.

Gift M.: Sisitala, ndinawerenga kuti tsopano kuli mankhwala a miyezi inayi. Bwanji osangowapatsa amenewo achimwenewa m'malo mowalembera makalata?

Sisitala Nabanda: Alipodi, WHO inawavomereza mu 2022 kwa anthu ena a zaka 12 kupita m'tsogolo. Koma si mapiritsi omwewa odulidwa miyezi iwiri. Muli rifapentini m'malo mwa rifampisini, ndi mokisifulokisasini m'malo mwa etambutolo, ndipo si paliponse pamene akupezeka. Ana ena amene TB yawo si yaikulu amamwanso miyezi inayi. Kumbali ina, TB ya mu ubongo kapena ya m'mafupa imapitirira miyezi isanu ndi umodzi, mpaka chaka. Nthawi imayendera mankhwala amene wapatsidwa ndi malo amene matenda ali. Munthu wamkulu wa TB ya m'mapapo amene ali pa RHZE ndi RH, yake ndi isanu ndi umodzi.

Gift M.: Ndiye ngati kafukufuku uja anaonetsa kuti ena amachira pa miyezi inayi, ndiye kuti anthu ambiri akumwa miyezi iwiri yaulere.

Sisitala Nabanda: Ena mwina inde. Vuto ndi loti sitingathe kuwaloza kuti ndi ati. Inu mungavomere kuti tiyesere pa inu?

Gift M.: Hahaha ayi, koma funsolo lilipobe.

Mlongo wa Yami: Ndifunseko za ine ndisanaiwale. Ndayamba mankhwalawa mwezi watha ndipo ndili ndi kolera ka pamkono. Mnzanga akuti sikagwira ntchito. Zoona?

Sisitala Nabanda: Mnzanuyo akunena zoona. Rifampisini amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mofulumira, ndiye mapiritsi olera ndi ka pamkono mphamvu yake imachepa, anthu atengapo mimba ali nako. Jakisoni wa miyezi itatu ndi lupu sizisokonezeka motero. Pitani akakuthandizeni njira yowonjezera, ndipo gwiritsani makondomu pakadali pano, mpaka patapita mwezi mutamaliza mankhwala. Chimodzimodzi amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegiraviya, amawonjezeredwa piritsi lina madzulo nthawi yonse ya mankhwala a TB. Koma musasiye a TB chifukwa cha zimenezi.

NaPhiri: Ndawawerengera achimwene zonse. Za a Jafali anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati chipseracho chimatha. Pa za makhololo avomera. Koma abwera ndi china: mwezi wachinayi akuyenera kupita kukagwira ntchito kutali kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo akuti sangaikane chifukwa ndi imene ikudyetsa ana. Akuopa kuti akanena kuchipatala awaletsa.

Che Jafali: Anene panopa, asadikire sabata yonyamuka. Ine ndi pomwepo pamene ndinagwera.

Sisitala Nabanda: Sangawaletse. Pofika nthawi imeneyo, ngati akumwa bwino ndipo makhololo ayera, sakhala akupatsiranso anthu. Pali njira ziwiri: kuwapatsa mankhwala okwanira ulendo wonse, kapena kuwalembera kalata yosamutsira ku chipatala cha kumene akupitako. Zimatengera mmene akuyendera ndi malamulo a pamalopo, ine sindingalonjeze kuti asankha iti. Awerengenso masiku bwino, chifukwa makhololo a kumapeto kwa mwezi wachisanu akhoza kuwapeza ali komweko, ndipo amenewo ndi amene amationetsa ngati mankhwala akulephera. Khadi ayende nalo m'thumba, osati m'chikwama chimene chingasochere.

NaPhiri: Akupita Lachinayi kukatenga mankhwala ena, ndawauza kuti akanene tsiku lomwelo. Za chipsera chija sisitala simunayankhe, akufunsabe.

Sisitala Nabanda: Chimene chapsereratu sichibwerera mwakale, koma mbali yotupa chabe imachira mankhwala akamagwira. Za mapapo awo iwowo akafunse amene anaona chithunzi chawo, ine sindinachione.